Mwana wadwala usiku: uthenga wa kwa abwana

"Mwana wayamba kutentha thupi usiku, mawa sindipita ku ntchito. Ndiwalembere bwanji abwana? Ndili ku Joni."

Pepani mayi. Choyamba, tumizani uthengawo m'mamawa nthawi yolowa isanakwane, kwa abwana amene amakuyang'anirani, osati kungotuma mnzanu.

Kenako samalani dzina la tchuthicho. Musaname kuti mwadwala ndinu. Lamulo la ntchito la kuno ku South Africa la 1997 limapereka masiku 3 olipidwa pachaka a mavuto a m'banja, kudwala kwa mwana kuli momwemo, bola mwagwira miyezi yoposa 4 pamalopo ndipo mumagwira masiku osachepera 4 pasabata.

Lembani motere, m'chilankhulo cha kuntchitoko: "Mwadzuka bwanji bwana. Mwana wanga wadwala usiku, ndikupita naye ku chipatala. Ndikupempha tsiku limodzi la tchuthi cha mavuto a m'banja, lero Lachiwiri. Ndikudziwitsani pofika 2 koloko ngati mawa ndibwere."

Za kusanza ndi kutsegula m'mimba zisiyeni, abwana safuna zonsezo.

Ku chipatalako pemphani kalata yokhala ndi dzina la mwana ndi tsiku, chifukwa abwana ali ndi ufulu wofuna umboni asanakulipireni. Ijambuleni pafoni isanathothoke m'chikwama.