Munthu mmodzi, mzere umodzi: kukonza kaundula wa maina amene wasokonekera

Kaundula wa mamembala a kalabu ya alimi, mpingo kapena banki m'khonde sasokonekera tsiku limodzi. Mlembi wakale analemba ake, watsopano anawonjezera ake, wina anakopera maina a m'foni mwake, ndipo zonse zinathiridwa mu fayilo imodzi ya Excel. Pamapeto pake mizere ndi 412 pomwe aliyense akudziwa kuti anthu safika 300. Ambiri akaona zimenezi amathamangira batani la Remove Duplicates. Chonde musayambire pamenepo. Batani limeneli siliphatikiza kanthu: limasunga mzere woyamba umene laupeza n'kufufuta enawo. Ngati mudzi wa munthuyo unalembedwa pa mzere wachiwiri wokha, wapita nawo limodzi.

Musanakhudze chilichonse, koperani fayiloyo ndipo muzigwira ntchito pa kopeyo. Kenako ikani kolamu yatsopano kumayambiriro, A, n'kupatsa mzere uliwonse nambala yake: 1, 2, 3 mpaka kumapeto. Nambalazi zisasinthenso, chifukwa ndi zimene zidzakubwezereni kumene chinthu chinachokera mukadzalakwitsa. Tiyerekeze kuti B ndi dzina, C ndi foni, D ndi mudzi, ndipo E ndi tsiku limene mzerewo unalembedwa.

Dzina si chizindikiro chodalirika. A Banda ndi a Phiri ndi ambiri m'kaundula aliyense, wina amayamba ndi dzina la bambo pomwe wina amayamba ndi loyamba, ndipo l ndi r zimasinthanasinthana malinga ndi dzanja la wolemba. Poyambira pabwino ndi nambala ya foni, koma nayonso imabwera itavala zovala zosiyana. Nambala imodzi ikhoza kulembedwa 0999 000 012, kwina 265999000012, kwinanso 999000012 chifukwa Excel imataya ziro wakutsogolo ikaiona ngati nambala yowerengera. Chimene sichisintha pa zonsezi ndi manambala 9 akumapeto. Amenewo ndiwo kiyi yathu. Mu F2 lembani izi, n'kukokera pansi mpaka mzere womaliza:

```
=RIGHT(SUBSTITUTE(SUBSTITUTE(C2," ",""),"-",""),9)
```

Fomulayi ikuchotsa mipata ndi timizere, kenako ikutenga manambala 9 omalizira. Ili ndi malire ake. Kabokosi kakakhala ndi manambala awiri a foni olekanitsidwa ndi kamzere kopendeka, imatenga yomaliza yokha, choncho oterowo muyambe mwawalekanitsa. Ndiponso mukaona 2.65999E+11, dinani kabokosiko muone pamwamba. Ngati nambala yonse ikuoneka, palibe vuto. Koma ngati ikuthera m'maziro okhaokha, n'kutheka kuti fayiloyo inasungidwapo ngati CSV, mtundu wa fayilo umene umasunga zinthu monga zikuonekera, pomwe nambalayo inkaoneka chonchi, ndipo manambala enieni anatayika. Palibe fomula yowabweza, mukawafune m'buku la mlembi.

Tsopano mu G2 tiwerenge kuti kiyi iliyonse yabwera kangati:

```
=IF(F2="",0,COUNTIF(F:F,F2))
```

Mbali yoyambayo ndi yofunika kwambiri. Popanda iyo, onse opanda foni amawerengedwa ngati ali ndi kiyi imodzi, ndipo agogo makumi atatu osiyanasiyana amaoneka ngati munthu mmodzi wobwerezedwa. Mukatero sankhani tebulo lonse, pitani pa Sort, musanje potsata F. Ndati tebulo lonse. Mukasanja kolamu imodzi yokha, maina amatsala pomwe anali koma mafoni amasuntha, ndipo aliyense amalandira nambala ya mnzake popanda chokuchenjezani. Excel ikakufunsani, sankhani Expand the selection.

Apa ndi pamene ntchito ya makina imathera, ya maso n'kuyamba. Tione chitsanzo (maina ndi manambalawa ndi ongoyerekezera):

```
14   Chikondi Banda   0999 000 012   -        2022
87   BANDA CHIKONDI   265999000012   Msika    2023
203  C. Banda         0888 000 045   Msika    2024
240  Chisomo Banda    999000012      Msika    2024
```

Kiyi iika 14, 87 ndi 240 pamodzi, ndipo G ionetsa 3. Mizere 14 ndi 87 ndi munthu mmodzi mosakayikitsa: foni imodzi, maina omwewo atangotembenuzidwa. Koma 240 ndi munthu wina. M'makomo ambiri foni ndi imodzi, bambo ndi mayi amalembetsa nambala yomweyo, nthawi zinanso oyandikana nawo nyumba. Mukamufufuta Chisomo, mwachotsa membala weniweni, ndipo mudzadziwa pa tsiku logawana masheya iye atasowa pa mndandanda. Foni ikafanana koma dzina n'kusiyana, amenewo ndi anthu awiri kufikira wina wowadziwa atatsimikiza zosiyana ndi zimenezo.

Mzere 203 ndiwo wovuta. Kiyi sinaugwire chifukwa nambala yake ndi ya TNM pomwe inayo ndi ya Airtel, ndipo anthu ambiri ali ndi malaini onse awiri. Ungapezeke pokhapokha mutasanjanso kachiwiri, ulendo uno potsata mudzi kenako dzina la bambo, n'kuwerenga mudzi ndi mudzi. Ngakhale mwaupeza, C. Banda wa mudzi umenewu akhoza kukhala Chikondi, akhoza kukhala Chisomo, kapena wina wachitatu. Osalota. Imbani nambalayo kapena funsani tcheyamani. Mukalephera kutsimikiza, usiyeni mzerewo pawokha ndipo muupake mtundu wachikasu. Kusiya munthu ali ndi mizere iwiri kumakonzeka mawa, koma kuphatikiza anthu awiri kukhala mmodzi n'kovuta kumasula, makamaka ndalama zikayamba kulembedwa pa dzinalo.

Tinene kuti mwaimba ndipo wayankha ndi Chikondi. Mzere wotsala umangidwe potola chabwino paliponse. Dzina litengedwe lathunthu, makamaka monga lilili pa chiphaso cha unzika. Mudzi uchokere pa 87 popeza pa 14 panalibe. Mafoni onse awiri asungidwe, iliyonse mu kolamu yake, Foni 1 ndi Foni 2, yogwira ntchito panopa ikhale yoyamba. Zinthu ziwiri zikatsutsana, monga midzi iwiri, tsiku la mu E likuthandizeni: chatsopano chilowe m'malo mwake, chakale chipite mu kolamu ya ndemanga. Pomaliza onjezani kolamu ya mizere yakale n'kulembamo 14, 87, 203. Mizere 87 ndi 203 musaifufute, muisamutsire pa tsamba lina la fayilo yomweyo.

Pokonza maonekedwe a manambala, fomula iyi imabwezeretsa nambala yonse ngati mawu, ndipo chizindikiro cha kutsogolo sichitayika:

```
="+265"&F2
```

Musaikokere pansi mwachimbulimbuli. Manambala a m'manja a ku Joni ndi ku Zambia nawonso ali ndi manambala 9 pambuyo pa +27 kapena +260, ndiye membala amene ali kunja mungamupatse nambala ya ku Malawi ya munthu wosamudziwa. Oterowo muwapatule poyamba poyang'ana mmene C yayambira. Mukakhutira, koperani kolamuyo n'kuimata ndi Paste Special, Values, kuti isadalirenso F.

Chotsala n'kuwerengera. Mizere ya pa tsamba loyera kuphatikiza ya pa tsamba la zosamutsidwa ikwane chiwerengero choyamba chija: ngati yatsala 291, yosamutsidwa ikhale 121 kuti zikwane 412. Ikaperewera, nambala za mu A zikuonetsani mzere umene wasowa. Kenako sankhani anthu khumi mwachisawawa, muyerekeze mizere yawo ndi kope loyamba lija. Mukapeza ngakhale mmodzi ali ndi foni ya munthu wina, kusanja kunalakwika penapake, ndipo ndi bwino kuyambiranso pa kope latsopano kusiyana n'kusoka zigamba.