Mwagula makina, nanga ndalama yogulira mbewu ili kuti?

Nyengo yokolola ino ndawerenga mapulani a magulu angapo amene akufuna kuyamba kuyenga mafuta a mpendadzuwa, ndipo pafupifupi onse alakwitsa pamalo amodzi. Atenga mzere wa phindu n'kuulemba ngati kuti ndiyo ndalama imene idzakhale m'manja mwa msungichuma. Gulu lina ndinalipeza makina ali chilili m'shedi, pulasitiki yake osachotsa, pamene mavenda akupachika masikelo panja n'kumasesa mpendadzuwa wa mamembala a gulu lomwelo. Makina anagula bwinobwino, magetsi analumikiza, koma ndalama yogulira mbewu sanaiike m'pulani. Nkhaniyi ndakhala ndikuinena pamaphunziro chaka ndi chaka, ndipo kunena zoona yayamba kunditopetsa.

Tiyeni titenge chitsanzo cha manambala osavuta, ongoyerekeza. Gulu lalembetsa ngati kampani ndipo limakhoma msonkho wa 30 peresenti pa phindu, monga makampani olembetsedwa m'Malawi muno amachitira ku MRA. Makina ndi kuwakhazika kwake ndi K60 miliyoni, ndipo akuyembekezeka kugwira ntchito zaka zisanu. Mafuta ndi keke, zotsalira za mbewu yofinyidwa, zikubweretsa K200 miliyoni pachaka, pamene mbewu, magetsi, zigubu, malipiro ndi mayendedwe zikudya K160 miliyoni. Pakutsala K40 miliyoni. Wolemba mabuku akuchotsapo K12 miliyoni ya kutha kwa makina, imene akauntanti amati dipulisiyeshoni, ndiye kuti K60 miliyoni ija kuigawa pazaka zisanu. Patsala K28 miliyoni, msonkho wake ndi K8.4 miliyoni, phindu n'kukhala K19.6 miliyoni. Apa m'pamene magulu amaimira. Amati tikufuna K60 miliyoni, ndipo pa K19.6 miliyoni pachaka ndalama yathu ibwerera pakatha zaka zitatu ndi kamwezi. Amasainira, n'kuthamanga nayo pulani kukapempha ngongole.

Nditafotokoza za K12 miliyoni ija pamsonkhano wina, bambo wina wachikulire amene wakhala akulima fodya moyo wake wonse anakweza dzanja. Anati, "Pepani alangizi, ndifunse nawo. Ndalama ya kutha kwa makinayi timakapereka kwa ndani? Ine ngolo yanga yakalamba ndikuiona, koma palibe anabwerapo kunyumba kudzatolera ndalama ya ukalamba wake." Anthu anaseka, koma mkuluyo anafunsa funso limene mlembi wa gululo, ndi satifiketi yake yonse, sanadzifunsepo. Anapitiriza kutisimbira za chaka chimene anagula ngoloyo ndi ndalama yonse ya fodya, ng'ombe n'kusowa pogulira, ngolo n'kukhala pansi pa mtengo wa mango mpaka matayala kuphwa, nkhuku zikuikiramo mazira. Tinachedwa naye pafupifupi theka la ola, koma sindinamudule.

Yankho lake ndi lakuti simupereka kwa aliyense. Ndalama ya makina inatuluka kamodzi, tsiku logula. K12 miliyoni ya chaka ndi chaka ndi yolemba chabe, kotero mukamaliza kuwerengera msonkho muyenera kuibwezera pa phindu. Phindu la K19.6 miliyoni kuphatikiza K12 miliyoni ndi K31.6 miliyoni, ndipo imeneyo ndiyo ndalama imene ntchito yoyenga yasiya m'chakacho.

Wina angafunse kuti nanga tikuichotseranji ngati tiibwezeranso. Chifukwa chake ndi msonkho basi. Pakanakhala kuti kutha kwa makina sikuchotsedwa, msonkho ukanawerengedwa pa K40 miliyoni yonse, n'kukhala K12 miliyoni. Poti mwachotsa, mwakhoma K8.4 miliyoni. Kusiyana kwake, K3.6 miliyoni, ndi msonkho umene makina akupulumutsirani chaka chilichonse, ndipo mukhoza kuupeza mwachidule potenga 30 peresenti ya K12 miliyoni. Phindu lenileni la dipulisiyeshoni ndi K3.6 miliyoni imeneyi, osati K12 miliyoni yonse. Mukafuna kutsimikiza kuti simunasokoneze, werengani mwa njira ina: chotsani msonkho pa K40 miliyoni ija, patsale K28 miliyoni, n'kuwonjezerapo K3.6 miliyoni. Mufika pa K31.6 miliyoni yomwe ija. Zikasiyana, penapake mwaphonya.

Koma samalani, chifukwa ndaonanso ena akulemba chipulumutso chimenechi pamene sichikuwakhudza. Msonkho umapulumutsidwa ndi amene ali ndi msonkho woti akhome. Ngati bizinesi yanu ndi yaing'ono moti imakhoma msonkho wowerengera pa zogulitsa osati pa phindu, kapena inakhululukidwa msonkho, palibe chimene makina akukupulumutsirani. Ngati chaka chimenecho mwaluza, chipulumutsocho chimadikira chaka chimene mudzapange phindu. Komanso MRA siiyendera zaka zisanu zimene mwasankha inu m'mabuku anu. Lamulo la msonkho lili ndi miyeso yakeyake, ndipo limapatsa opanga katundu mwayi wochotsera mtengo wa makina atsopano msanga. Ndalama yonse yopulumutsidwa pa makina a K60 miliyoni ndi K18 miliyoni, kaya yabwera nthawi imodzi kaya pang'onopang'ono, koma yobwera msanga ndiyo yokoma chifukwa kwacha ya lero si ya zaka zisanu zikubwerazi.

Mpaka pano nkhani ikukomera gulu, poti ndalama yakwera kuchoka pa K19.6 miliyoni kufika pa K31.6 miliyoni. Chimene chinaimitsa makina m'shedi muja ndi mbali inayo, ya mpamba woyendetsera ntchito. Makina oyengera sadya mphepo. Mpendadzuwa umapezeka wambiri ndi wotsika mtengo miyezi yochepa yokha pambuyo pokolola, ndipo mlimi, ngakhale membala wanu, safuna kumva za mawa pamene venda ali pakhomo ndi ndalama m'manja. Tinene kuti musanayenge botolo loyamba mukufunika mbewu ndi zigubu za K30 miliyoni m'nyumba yosungiramo katundu. Ndiye kuti tsiku loyamba polojekiti ikufuna K90 miliyoni, osati K60 miliyoni. Ndalama imeneyi simungaipeze pa mzere wa phindu, chifukwa mbewu imene ili m'matumba siinalowe m'gulu la zowonongedwa. Imalowamo pokhapokha yayengedwa n'kugulitsidwa. N'chifukwa chake wokopera mzere wa phindu saiona n'komwe.

Sizithera pomwepo. Pofika kumapeto kwa chaka choyamba, katundu wosungidwa wakwera kufika K36 miliyoni. Magolosale ndi masitolo amene munawapatsa mafuta kuti adzalipire pakutha pamwezi akusunga K14 miliyoni yanu. Inunso muli ndi ngongole ya K6 miliyoni kwa okugulitsani zigubu ndi malebulo, imene ikukupepukitsani pang'ono. Mpamba womangika ndi 36 kuphatikiza 14 kuchotsa 6, ndiye K44 miliyoni. Unali K30 miliyoni, tsopano ndi K44 miliyoni, kutanthauza kuti K14 miliyoni ina yamira m'matumba ndi m'makope a ngongole. Pa K31.6 miliyoni ija, imene yatsaladi ndi K17.6 miliyoni. M'mabuku phindu likuoneka bwino, a banki akudikira gawo lawo, mamembala akufunsa za kugawana, msungichuma akuyamba kunenedwa kuti wadya ndalama pamene ndalamayo ili m'mashelefu a golosale.

Chimene mumachotsa chaka chilichonse ndi kusintha kwake kokha, osati mpamba wonse. Mlembi wina atamva za nkhaniyi anapita kukachotsa K44 miliyoni chaka chilichonse, pulani yabwinobwino n'kuoneka ngati dzenje, gulu n'kutsala pang'ono kuisiya. Ayi. Chaka chachiwiri mpamba ukakwera kufika K50 miliyoni, mumachotsa K6 miliyoni yokha, patsale K25.6 miliyoni. Chaka chachitatu ndi chachinayi ukakhala pomwepo, simuchotsa kanthu, ndipo K31.6 miliyoni yonse ndi yanu. Chaka chomaliza, katundu akagulitsidwa ndi ngongole zikatoleredwa, K50 miliyoni ija imabwerera, ngakhale ine ndimalangiza kudulapo ndithu, poti si golosale iliyonse imene imalipira ndipo si thumba lililonse limene limapulumuka ku chinyezi ndi makoswe. Mukadzagulitsa makina amene m'mabuku a msonkho anatha kale, tinene pa K10 miliyoni, kumbukirani kuti K3 miliyoni ndi ya msonkho, yanu ndi K7 miliyoni.

Tsopano phatikizani. Mwatulutsa K90 miliyoni, mwalandira 17.6, kenako 25.6, kenako 31.6. Pakutha pa zaka zitatu mukadali ndi dzenje la K15.2 miliyoni, limene likwiririka chapakati pa chaka chachinayi. Onani mmene zolakwika ziwirizi zimabisirana. Pulani yolakwika ija inati zaka zitatu, yolondola ikuti zitatu ndi theka, ndiye wongoyang'ana mwachangu amati kusiyana kwake n'kochepa. Kuiwala kubwezera dipulisiyeshoni kunachepetsa ndalama yolowa, kuiwala mpamba kunachepetsa ndalama yotuluka, zonse n'kuoneka ngati zili bwino. Koma K30 miliyoni yosowa tsiku loyamba siibisika. Mukaphonya miyezi yogula, mudzagula mbewu yomweyo kwa mavenda pa mtengo wokwera, kapena makina adzakhala chaka chathunthu chiwongoladzanja chikuwerengedwa.

Chizolowezi china chimene chimandinyansa ndi kukopera pulani ya zaka zapitazo, kungosintha dzina la gulu ndi deti. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mitengo ikakwera, matumba omwe aja amafuna ndalama zambiri, ndiye mpamba womangika umakula ngakhale simunawonjezere thumba ndi limodzi lomwe. Pamene K12 miliyoni ya kutha kwa makina imakhala pomwepo, chifukwa imawerengedwa pa mtengo umene munagulira, ndipo K3.6 miliyoni yake imanka ichepa mphamvu. M'chitsanzo changa ndasunga zogulitsa pa K200 miliyoni zaka zonse kuti masamu asavute, koma inu musatero.

Za choti muchite, mwachidule poti malo atha. Pansi pa mzere wa phindu onjezerani mizere itatu: wobwezera kutha kwa makina, wochotsa kusintha kwa mpamba, ndi wa kugula kapena kugulitsa makina. Chiwongoladzanja ndi kubweza ngongole muziike patsamba lina, musazisakanize ndi ndalama za polojekiti. Chaka choyamba muchilembe mwezi ndi mwezi, chifukwa nambala ya kumapeto kwa chaka imabisa miyezi yogula mbewu pamene ndalama imafunika kwambiri. Miyeso ya msonkho kafunseni ku ofesi ya MRA kapena kwa akauntanti musanalembe. Amene mwapereka kale mapulani, bwerani nawo ku ofesi yathu sabata ino pamodzi ndi kope la msungichuma ndi mndandanda wa onse amene akusunga ngongole zanu.