Paipi ya zonyansa izitsika bwanji kuti isatseke

Paipi ya zonyansa ikagona kwambiri, madzi amayenda mwaulesi, zolemera n'kumatsalira mpaka paipiyo kutseka. Kuti izidzitsuka yokha, madzi azithamanga pafupifupi mamita 0.75 pa sekondi.

Pa paipi ya mamilimita 110 yochokera m'nyumba, ine ndimakonda 1:40, kutanthauza kuti izitsika masentimita 2.5 pa mita iliyonse. Ngalande ikakhala ya mamita 12, kumapeto kwake kutsike masentimita 30. Musayeze ndi maso chabe ayi. Khomani zikhomo, kokani chingwe, muyeze ndi levulo.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi paipi yoyezedwa bwino koma yopindika pakati chifukwa pansi pake sanatsindire mchenga. Musanakwirire, thiranimo ndowa ya madzi, kenako muunike ndi tochi. Mukaona madzi ataima penapake, tukulani pamenepo, mutsindirenso.