Momwe mungamasulire mlingo wa mankhwala a mwana kuchokera ku Chipwitikizi

Ngati munapita kusukulu pang'ono kuno ku Angoniya, ku Tsangano kapena ku Makanga, ntchito iyi idzakupezani. Mayi wachokera kuchipatala ndi botolo la mankhwala a mwana, kapepala kam'bokosi kali m'Chipwitikizi cha zilembo zing'onozing'ono, ndipo akuti, “Achimwene, tandiwerengerani apa.” Ine zinandipeza ndi alamu anga ku Ulongwe, mankhwala ake anali amokisilini wa ana. Ndigwiritsa ntchito botolo lomwelo kuti tione njira yake.

Musanamasulire liwu lililonse, ikani zinthu zitatu pamphasa: botolo, kapepala kam'bokosi, ndi pepala limene analemba dokotala kapena namwino. Onani ngati dzina la mankhwala ndi limodzi pa zonse zitatu. Kapepala kam'bokosi kanalembedwera anthu onse ogula mankhwalawo, pamene pepala la kuchipatala analembera mwana uyu atamuona ndi kumuyeza pasikelo. Choncho mlingo umene mumasulire ndi wa papepala la kuchipatala. Kapepala kam'bokosi kakuthandizani kumvetsa mawu ndi machenjezo. Gawo la mlingo limakhala ndi mutu wakuti “Posologia” kapena “Como tomar”.

Kenaka siyanitsani mphamvu ya mankhwala ndi mlingo wake, chifukwa ambiri amagwera pamenepa. Pabotolo la alamu anga panalembedwa 250 mg/5 ml. Izi sizikunena kuti mwana amwe 5 ml ayi. Zikunena kuti mu 5 ml iliyonse muli mankhwala okwana 250 mg. Amokisilini yemweyo amapezekanso wa 125 mg/5 ml, botolo lofanana, ufa wooneka chimodzimodzi. Tiyerekeze kuti mwana amulembera 125 mg nthawi iliyonse yakumwa. M'botolo la 125 mg/5 ml adzamwa 5 ml, koma m'botolo la 250 mg/5 ml adzamwa theka lake, 2,5 ml. Mayi amene anazolowera 5 ml chaka chatha akhoza kumwetsa mwana mlingo wowirikiza kawiri osadziwa. N'chifukwa chake m'Chichewa chanu mulembe zonse ziwiri: mphamvu ya botolo lomwe lili m'manja, ndi mamililita oti ayeze.

Yang'anitsitsani kachizindikiro kali pakati pa 2 ndi 5. Chipwitikizi chimalemba 2,5 ndi kamchira, pamene mabotolo ogulidwa kutsidya, ku Dedza kapena ku Mwanza, amalemba 2.5 ndi kadontho. Tanthauzo ndi limodzi, awiri ndi theka. Koma pepala likanyowa, kapena wina akakopera ndi bolopeni yotha inki, kachizindikiroko kamasowa ndipo pamatsala 25, mlingo wochuluka kakhumi. Ine ndimalemba nambala momwe ilili, kenaka ndimabwereza m'mawu: 2,5 ml, mamililita awiri ndi theka.

Liwu loti supuni lisapezeke m'zomwe mwalemba. Chipwitikizi chili ndi “colher de chá”, yomwe m'zamankhwala ndi 5 ml, komanso “colher de sopa”, yomwe ndi 15 ml. Ife zonse ziwiri timangoti supuni, ndipo supuni za m'makhitchini mwathu sizilingana kukula. Nenani za kakapu koyezera kapena sirinji yopanda singano, ndipo muonetseni mayiyo mzere weniweni. Kulemba chizindikiro pamzerewo kumathandiza kuposa mawu ambiri, makamaka usiku pamene akuyeza ndi tochi ya pafoni.

Tsopano nthawi. Papepala la alamu panali “de 8 em 8 horas, durante 5 dias”. Iwo anali atamva kale kwa mnansi wawo kuti ndiye kuti 8 koloko m'mawa ndi 8 koloko usiku. Zikumveka bwino m'khutu, koma ndi zolakwika: mwana akadamwa kawiri m'malo mwa katatu. Mawuwo akutanthauza kuti pazidutsa maola 8 kuchokera pamene wamwa kufika pamene amwenso. Kumasulira kuti “katatu pa tsiku” nakonso kuli ndi vuto lake, chifukwa kwa ife tsiku limatha dzuwa likalowa. Munthu amwetsa m'mawa asanapite kudimba, masana pa nsima, ndi madzulo cha m'ma 6, kenaka mwana nkugona maola 12 wopanda mankhwala. Mankhwala opha tizilombo ngati amokisilini amafuna kuti asathe m'magazi kwa nthawi yaitali, ndiye kutalikirana kwa nthawi kukhale kofanana momwe kungathekere. Lembani maola enieni: 6 koloko m'mawa, 2 koloko masana, 10 koloko usiku. Ndimaikaponso 6h, 14h ndi 22h kuti namwino aone msanga.

Mawu ena ndi achidule koma osawadumpha. “Agitar antes de usar” ndi kuti khutchumulani botolo musanayeze, popeza mankhwala amadikha pansi. Ngati botolo labwera ndi ufa, madzi owiritsa ndi kuziziritsa amathiridwa kufika pamzere wa pabotolo, osapitirira, apo ayi mphamvu ija ya 250 mg/5 ml siikhalanso yoona. Masulirani masiku amene kapepala kakunena kuti mankhwala osungunulawo angasungidwe, ndi malo osungira. Ndipo pamene pakunena za amene thupi lake limadana ndi penisilini, gulu la mankhwala limene amokisilini alimo, funsani ngati mwanayo anatulukapo zidzolo kapena kutupa atamwa mankhwala a mtundu umenewu.

Zomwe ndinawalembera zinali motere: “Amokisilini wa 250 mg/5 ml. Khutchumulani botolo. Yezani 2,5 ml, mamililita awiri ndi theka, ndi sirinji. Mwetsani 6 koloko m'mawa, 2 koloko masana ndi 10 koloko usiku, kwa masiku 5, ngakhale mwana aoneke kuti wachira.” Ndinawerengeranso: 2,5 ml katatu ndi 7,5 ml, kwa masiku 5 ndi 37,5 ml. Ngati botolo ndi la 100 ml, ambiri atsala, ndipo ndinawauza kuti kutsalako si chifukwa chopitirizira kumwetsa. Botolo likatha tsiku lachiwiri, dziwani kuti pena pake palakwika, thamangani kuchipatala nalo.

Chomaliza ndi kubwerera kwa namwino kapena wopereka mankhwala pawindo la kuchipatala, mankhwala asanayambidwe ngati n'kotheka. Kudziwa Chipwitikizi kumakuuzani zimene zalembedwa, koma sikukuuzani ngati mlingowo ukuyenerana ndi kulemera kwa mwana ndi matenda ake, ngati nambala yolembedwa mothamanga ija ndi 1 kapena 7, kapena ngati botolo limene munagula kwina ndi la mphamvu imene wolembayo ankaganizira. Namwino akaona 25 ml amadzidzimuka nthawi yomweyo, pamene inu mungoyikopera mwaudongo. Tengani zinthu zitatu zija pamodzi ndi pepala lanu. Ngati amamva Chichewa, muwerengereni zanu zokha ndipo iye anene m'Chipwitikizi zimene wamva, muone ngati zikugwirizana ndi zoyambirira. Ngati ndi wochokera kwina, munthu wachitatu amene sanaone pepala la kuchipatala amasulire zanuzo mobwezera, iye akumvetsera. Pamapeto pake mayi mwiniwake akoke madzi ndi sirinji, namwino akuona.

Alamu anga atakoka, anafika pa 3 ml. Namwino anawagwira dzanja nati, “Mayi, tsitsani pang'ono, mzere wanu ndi uwu,” ndipo anaulemba ndi bolopeni yofiira.