Kulongosola kalembedwe ka silipi yoikira ndalama ku banki pamene chithunzi cha fomuyo palibe

M'makalabu a alimi ndi m'magulu a banki m'khonde ambiri ozungulira mzinda wa Blantyre, munthu amene akupita kukaika ndalama za gulu ku banki amathandizidwa ndi chithunzi. Amajambula silipi ija n'kutumiza pa WhatsApp kwa mlembi kapena mlangizi, ndipo winayo amamuuza zoti alembe akuyang'ana chithunzicho. Koma limafika tsiku loti chithunzicho sichikutseguka, bandulo yatha, kapena amene watumidwa ali ndi foni ya mabatani yosajambula, ndipo apa ndi pamene anthu amayamba kulangizana mongoganizira. Malangizo awa ndi a inu amene mukulongosolera mnzanu pa lamya, silipi ili m'manja mwake, inu simukuiona.

Chinthu choyamba chimene ndikupemphani kuti musiye ndi kufotokoza malo a mabokosi, monga kunena kuti lembani dzina m'bokosi lapamwamba kumanzere. National Bank of Malawi, Standard Bank, NBS Bank, FDH Bank ndi First Capital Bank, iliyonse imasindikiza silipi yakeyake, ndipo bokosi limene mukulikumbukira lingathe kukhala la banki ina kapena la silipi yakale imene inasinthidwa. Ngakhale mtundu wa pepala, kaya loyera kaya lobiriwira, musaudalire. Chimene sichisintha ndi mafunso amene banki imafuna kuti ayankhidwe: ndalamazi zikulowa mu akaunti iti, mwini akauntiyo ndani, ndalamazo ndi zingati, ndipo wazibweretsa ndani. Choncho ntchito igawidwe motere: iye aziwerenga mokweza mawu amene asindikizidwa pa mzere uliwonse, inu muzimuuza choti alembe pamenepo, ndipo asanapite pa mzere wotsatira azikuwerengerani zimene walembazo. Ngati Chingerezi chikumuvuta kutchula, atchule zilembo chimodzichimodzi.

Ayambe ndi mutu wa pepalalo. Pa tebulo la m'banki pamakhala mapepala angapo ofanana kukula, ndipo munthu wothamanga amatha kutenga lotulutsira ndalama m'malo mwa loikira. Ngati wawerenga mawu akuti Deposit, watenga loyenera, koma ngati wawerenga Withdrawal, alibwezere pomwepo. Aonenso ngati pepalalo likunena za Cash kapena za Cheque, chifukwa ndalama zamanja ndi cheke sizilembedwa pamalo amodzi. Alembe ndi bolopeni yakuda kapena yabuluu, zilembo zikuluzikulu, ndipo ngati kunsi kuli pepala lachiwiri lotengera zolembedwa, asindikize dzanja kuti zioneke bwino kunsiko. Pa Date alembe deti la tsiku lomwe waima m'bankimo, kuyambira tsiku, kenako mwezi, kenako chaka.

Pa nambala ya akaunti ndi pamene ndikufuna kuti muchedwepo, pakuti cholakwika cha apa ndicho chovuta kwambiri kukonza. Thela, amene amalandira ndalama pa kaunta ya banki, amalowetsa nambala imeneyi mu kompyuta, ndipo ndalama zimapita kumene nambalayo yaloza. Nambala imodzi ikasokonekera, mwayi wake ndi woti kompyuta ikane, koma zikhoza kuchitikanso kuti nambala yolakwikayo ndi akaunti yeniyeni ya munthu wina, ndipo kuti ndalamazo zibwerere pamafunika madandaulo ndi kudikira. Musatchule nambalayi pamtima. Iwerengeni kuchokera pa chikalata cha banki, monga sitetimenti kapena lisiti yakale yokhala ndi chidindo, ndipo ngati zingatheke itumizeni pa meseji wamba, imene imafika ngakhale pa foni ya mabatani popanda bandulo ya intaneti. Mukamaitchula pakamwa, tchulani manambala atatuatatu, iliyonse payokha, chifukwa pa lamya yaphokoso fifitini ndi fifite zimamveka ngati chinthu chimodzi. Akamaliza kulemba, awerenge kuti manambala onse alipo angati, ndipo chiwerengerocho chifanane ndi chimene chili pa chikalata chanu. Ngati nambalayo ikuyamba ndi ziro, ziroyo alembe, asaisiye poganiza kuti ilibe ntchito. Nambala yaitali imene ili pa khadi ya ATM si nambala ya akaunti, ndipo ndaona kuti ambiri amaisokoneza.

Mayina pa silipi amalembedwa pawiri, ndipo anthu amakonda kuwasinthanitsa. Pamene pasindikizidwa Account Name pamalembedwa dzina la mwini akaunti ndendende monga linalembetsedwera ku banki. Ngati ndalamazo ndi za kalabu, pamenepa ndi pa dzina la kalabu, osati la wapampando kapena la msungichuma, ndiponso osati dzina lachidule limene mumaitanira gululo kumudzi. Pamene pasindikizidwa Depositor's Name kapena Deposited By, ndi pa dzina la munthu amene waima pa kauntayo ndi ndalama m'manja, pamodzi ndi siginecha yake ndi nambala yake ya foni ngati afunsa. Iye sayenera kusayinira inu chifukwa choti ndinu amene mwamutuma. Pa mzere wa Branch, mabanki ena amafuna nthambi imene akaunti inatsegulidwa, ena imene mukuikira ndalamazo, ndiye ngati mawuwo sakulongosola, ndi bwino kuti pamenepo asiye kaye n'kufunsa thela kusiyana ndi kulemba mongoganizira.

Tsopano tiyerekeze kuti msungichuma wa kalabu ya ulimi wamthirira ku Lunzu wabwera ndi ndalama za tomato ku nthambi ina ya mu Limbe. Akadali kunyumba anayenera kusanja ndalamazo mtundu ndi mtundu n'kulemba pa kapepala kuchuluka kwa mtundu uliwonse, chifukwa kuwerengera ndalama pa mzere, anthu akuona, si kwanzeru. Tinene kuti ali ndi ma K5,000 okwana 20, ma K2,000 okwana 25, ma K1,000 okwana 22, ma K500 okwana 19, ma K200 okwana 17 ndi ma K50 okwana 9. Silipi imakhala ndi mndandanda wa mitundu ya ndalama, ndipo chimene muyenera kumufunsa ndi chakuti pafupi ndi mtundu uliwonse pali mabokosi angati ndipo pamwamba pake palembedwa chiyani. Bokosi limene pamwamba pake pali K kapena Amount limafuna mtengo wa ndalamazo, osati kuchuluka kwa mapepala. Choncho pa mzere wa K5,000 alembe 100,000, pa wa K2,000 alembe 50,000, pa wa K1,000 alembe 22,000, pa wa K500 alembe 9,500, pa wa K200 alembe 3,400, ndipo pa wa K50 alembe 450. Mizere ya K100 ndi K20 aike kamzere kokha posonyeza kuti palibe kanthu. Akaphatikiza zonse, pa Total payenera kukhala 185,350. Ngati pali bokosi lina laling'ono la kuchuluka kwa mapepala, m'menemo ndi mmene mumalowa 20, 25, 22 ndi zina zija.

Inu amene simukuona pepalalo muli ndi njira yodziwira ngati wasokoneza mabokosiwa: mupempheni kuti aphatikize zimene walemba m'bokosi la mtengo n'kukuuzani. Akanena 112, dziwani kuti walemba kuchuluka kwa mapepala. Akanena chiwerengero choyandikira 185,350 koma chosafanana nacho, chotsani chaching'ono pa chachikulu, chifukwa kusiyanako nthawi zambiri kumaloza mzere umene walakwika. Kusiyana kwa 3,400 kukusonyeza kuti wadumpha mzere wa K200, pamene kusiyana kwa 45,000 kukusonyeza kuti pa 50,000 wasiya ziro imodzi n'kulemba 5,000. Ngati kumapeto kuli kabokosi ka tambala, alembemo 00, ndipo asamale kuti manambala omaliza a makwacha asagwere m'kabokosi kameneko, chifukwa 185,350 ingaoneke ngati 1,853.50. Angapezenso silipi yakale imene ilibe mzere wa K5,000, popeza ndalama imeneyi Reserve Bank of Malawi inaitulutsa mu 2022. Zikatero asaiphatikize pa mzere wa K2,000, koma afunse thela poti ailembe.

Mzere wa Amount in Words umafuna ndalama zomwezo m'mawu, ndipo cholinga chake ndi chakuti nambala ikapanda kuoneka bwino kapena wina akaisintha, mawuwo achitire umboni. Pa chitsanzo chathuchi alembe ONE HUNDRED EIGHTY-FIVE THOUSAND THREE HUNDRED FIFTY KWACHA ONLY, ayambire kumayambiriro kwenikweni kwa mzere, ndipo malo otsala awatseke ndi mzere. Mawu amenewa ndi bwino kumutumizira pa meseji kuti angokopera. Ngati silipi kapena thela wafunsa kumene ndalamazo zachokera, anene zoona mwachidule, monga kugulitsa tomato kapena zopereka za mamembala. Funsoli si lomunyoza ayi, mabanki amalamulidwa kudziwa gwero la ndalama pansi pa lamulo lolimbana ndi milandu ya zachuma la 2017, ndipo n'chifukwa chake ayeneranso kunyamula chitupa chake cha unzika. Ngati ndalamazo ndi za fizi kapena zobweza ngongole, pamene pasindikizidwa Reference pakhale dzina kapena nambala ya wophunzira, kapena nambala ya ngongoleyo, apo ayi ndalama zidzalowa koma olandirawo sadzadziwa kuti ndi za yani.

Akalakwitsa nambala ya akaunti kapena ndalama, asafute ndiponso asalembe pamwamba pa zolakwikazo. Atenge silipi ina, ndipo yolakwikayo aing'ambe n'kuiika m'thumba mwake chifukwa ili ndi nambala ya akaunti ya gulu. Ndiwonjezere pano, ngakhale si nkhani ya kalembedwe, kuti poika ndalama safunsidwa PIN, ndipo akasowa chochita apemphe thandizo kwa wogwira ntchito wa m'bankimo, osati kupereka silipi ndi ndalama kwa munthu wosamudziwa amene wadzipereka pa mzere.

Mwina pofika pa kaunta ayenera kudula lamya, choncho mumuuziretu zoti akachite kumeneko. Ndalama zisanalowetsedwe, apemphe thela kuti atsimikize kuti nambala imene yalembedwayo ndi ya dzina limene lili pa silipi. Thela akapeza kuti ndalama sizikufanana ndi zimene zalembedwa, awerengerenso limodzi pomwepo ndipo asavomere chiwerengero chimene sanachione ndi maso ake. Akalandira pepala lake lokhala ndi chidindo kapena lisiti yosindikizidwa, asachoke pa kauntapo asanayerekeze zinthu zinayi ndi kapepala kamene anabwera nako: dzina la akaunti, nambala yake, ndalama zokwana 185,350 ndi deti. Cholakwika chimene chaoneka akadali pomwepo thela angathe kuchikonza tsiku lomwelo mosavuta kusiyana ndi chimene chadzaonekera pa msonkhano wa kumapeto kwa mwezi. Akafika kumudzi, mlembi alembe deti, ndalama ndi nambala ya lisitiyo m'buku la kalabu, ndipo lisitiyo aimate m'bukumo ataijambula kapena kuichita fotokope, popeza zolembedwa za pa malisiti a makina zimafufutika pakapita miyezi, makamaka zikakhala pa dzuwa kapena pamalo otentha.