Kuyerekeza pH ya amoniyamu asiteti musanaviike mita

Amene mumayeza dothi la ku Angonia, Tsangano kapena Macanga mumadziwa kuti potaziyamu, kashiyamu ndi maginiziyamu timazitulutsa m'dothi ndi madzi a amoniyamu asiteti, CH3COONH4, a 1 mol/L pa pH 7. Mcherewu umapangika asidi wofooka akakumana ndi besi wofooka, choncho mbali zake ziwiri zimakokana m'madzi: amoniyamu amataya H+, asiteti n'kumatola. Kuti mudziwe pamene pH iime, phatikizani pKa ziwirizo, mugawe pawiri:

```
pH = (pKa1 + pKa2) / 2
```

Pa 25 °C, pKa ya asidi wa viniga, CH3COOH, ndi 4.76, ya NH4+ ndi 9.25. Pamodzi ndi 14.01, theka lake 7.0. Buku likakupatsani pKb ya amoniya, 4.75, yambani mwaichotsa pa 14. Ambiri amagwa pomwepa, amaika 4.75 m'malo mwa 9.25 ndipo amapeza 4.8. Pa amoniyamu fometi, HCOONH4, asidi wake ndi wamphamvupo, pKa 3.75, motero pH imatsikira pa 6.5.

Kuchuluka kwa mchere sikulowa m'masamuwa. Musungunule magalamu 77.08 m'madzi otchezedwa mpaka akwane lita imodzi, kapena magalamu 7.7 okha, yankho la papepala ndi lomwelo. Koma njirayi ndi ya mchere umene amoniyamu mmodzi ali ndi mnzake mmodzi, ndiponso wosasukuluka kwambiri. Musaiyese pa (NH4)2CO3, kapena pa feteleza wa salufeti, amene asidi wake ndi wamphamvu.

Chimene tikufuna muchigwiritsitse n'chakuti 7.0 ameneyu ndi wosakhazikika. Mcherewu umaletsa pH kusuntha pafupi ndi 4.76 ndi pafupi ndi 9.25, osati pakati. Pa pH 7, asiteti amene wasanduka asidi sakwana gawo limodzi mwa magawo 100, ndipo amoniya womasuka ndi wochepa chimodzimodzi. Mu lita ya 0.1 mol/L, mililita imodzi yokha ya HCl wa 1 mol/L imagwetsa pH kufika pafupifupi 6.7. N'chifukwa chake masamu salowa m'malo mwa mita. Mchere wokhalitsa umayamwa chinyontho n'kugwirana zibuma, ndipo amoniya akamathawa m'botolo losatseka bwino, wotsalayo amanunkha viniga ndipo pH imatuluka yotsika. Konzani ndi madontho a madzi a amoniya osukulutsa, mukutakasa. Ikapitirira, bwezani ndi asidi wa viniga wosukulutsa.

Kutentha nakonso kuli ndi mbali yake, makamaka ku Tete ndi ku Moatize mu Okutobala. Pa 35 °C pKa ya NH4+ imatsika kufika pafupifupi 8.95, ndiye mchere wabwinobwino umaonetsa pH ya pafupi ndi 6.85. Musafulumire kuthira amoniya. Yezani kaye kutentha kwa madziwo, muwaziziritse afike pa 25 °C, muchune mita ndi madzi ake a pH 7 ndi pH 4, kenako muviikenso.