Mwana akulephera kusewera ndi anzake pa PS5

"Mwana wanga kuno ku Mangochi akafuna kusewera ndi anzake pa PS5, ikumukaniza. Nditani?"

Mufunika akaunti yanu ya kholo, pasiwedi yake, ndi bandulo.

1. Lowani ndi akaunti yanu, osati ya mwana.
2. Pitani ku Settings, kenako Family and Parental Controls, kenako Family Management, musankhe dzina lake.
3. Onani Age Level for Games. Mukaika zaka zochepera za gemuyo, siitseguka n'komwe.
4. Communication and User-Generated Content ndiyo imatseka macheza. Apa ambiri amalakwitsa: amatsegula zonse, mwana n'kumalankhula ndi akuluakulu osawadziwa. Isiyeni yotseka, mwana atumize pempho pa gemu imodziyo, inu muvomereze.
5. Ikakanabe, onani ngati munalipira PlayStation Plus, umembala wa PlayStation. Magemu ogula ambiri amaifuna posewera ndi ena pa intaneti.